Uthenga ukuti mwalandira K185,000, koma mu foni mulibe

"Ndimagulitsa kaunjika mu msika wa Tsoka ndipo ndimakhala ku Kawale. Dzulo ndinalandira uthenga woti mu Airtel Money mwanga mwalowa K185,000. Posakhalitsa bambo wina anaimba akulira, akuti walakwitsa nambala, ndalamazo ndi za mwana wodwala, ndimubwezere pa nambala ina. Mwana wanga wajambula uthengawo ndipo ndakutumizirani chithunzi chake. Kodi ndibweze?"

Mayi, musatumize ngakhale tambala imodzi. Chithunzi chanu ndachiyang'ana mofatsa, ndipo ndikuuzani zimene ndaona kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Anthu ambiri maso awo amathamangira pa chiwerengero cha ndalama, koma malo oyamba kuyang'ana ndi pamwamba penipeni, pamene pamaoneka amene watumiza. Pa chithunzi chanu paja pali nambala wamba yoyamba ndi 099, yonga ya munthu wina aliyense woyenda m'tauni muno. Mauthenga enieni a ndalama amabwera m'dzina la kampani, ndipo amagwera pamodzi ndi anzake akale. Inu mumalandira ndalama za makasitomala pafupifupi tsiku lililonse, choncho uthenga weniweni ukanakhala pansi pa wa dzana ndi wa sabata yatha. Uwu waima wokha, pamwamba pake palibe kanthu. Munthu anangokhala pansi n'kuulemba ndi zala zake, motengera weniweni.

Kulemba ndi zala kumeneko kwasiya mapazi. Mawu oti "received" alembedwa "recieved", pomwe makina a kampani amatulutsa mawu omwewo mofanana nthawi zonse. Komabe musadalire kwambiri chizindikiro ichi, chifukwa akathyali ena amakopera uthenga weniweni osalakwitsa chilembo n'chimodzi chomwe.

Chimene chandigwira mtima ndi mzere wotsiriza. Uthenga weniweni umanena ndalama zonse zimene muli nazo tsopano. Tiyerekeze kuti munali ndi K42,300: mutalandiradi K185,000, ukananena K227,300. Wakuba sangalembe chiwerengero chimenechi chifukwa sadziwa zimene zili m'foni mwanu, ndiye pa chithunzi chanu wangolembapo "LOCKED", kutanthauza kuti ndalama zatsekeredwa. Mawu amenewa ali ndi ntchito yake. Akufuna kuti mukayang'ana n'kupeza K42,300 yanu yomweyo, muganize kuti zinazo zilipo koma zangobisika, kenako mutumize zanuzanu, mwinanso kuthamangira kwa ejenti kukaikamo mpamba wogulira belo kuti zikwane.

Umboni umene sunganame uli m'manja mwanu. Dulani foni ya woimbayo, imbani nokha *211#, kapena *444# kwa amene ali pa TNM Mpamba, ndipo muone ndalama zimene muli nazo. Chitani zimenezi ngakhale tsiku limene uthenga waoneka wabwinobwino, chifukwa pali njira zochititsa kuti dzina la kampani lioneke pa uthenga wabodza, ndipo ine poyang'ana chithunzi chabe sindingathe kuona m'kati mwa akaunti yanu. Ndimauzanso amalonda onse kuti kasitomala akakuonetsani uthenga wa pa foni yake kuti walipira, katundu asachoke pa benchi musanaone pa foni yanu.

Nanga zitapezeka kuti ndalamazo zalowadi? Zimachitika, anthu amalakwitsa manambala, ndipo ndalama za mwini sitidya. Zisiyeni momwemo osazigwiritsa ntchito, ndipo muuzeni mwiniyo kuti akadandaule ku kampani, imene ili ndi njira yake yobwezera ndalama ku nambala imene zinachokera. Mukatumiza nokha ku nambala ina, kenako mwini weniweni n'kukadandaula, kampani ingathe kubwezanso ndalamazo, ndipo inu mudzakhala mutalipira kawiri. Munthu wolakwitsadi alibe chifukwa chopempha kuti zipite ku nambala yachitatu.

Kulira kwa bamboyo ndi nkhani ya mwana wodwala zikundipweteka, chifukwa akusewera ndi chifundo chimene ife tinaleredwa nacho. Cholinga chake ndi choti musapeze mpata woganiza kapena wofunsa mnzanu wa benchi yoyandikana. Yembekezerani kuti mwina aimbanso wina, wa mawu aulemu, wodzitcha wogwira ntchito ku kampani, n'kumakuuzani manambala oti mudine kuti akaunti yanu itseguke. Mukatsatira, mudzapezeka kuti mwatumiza nokha ndalama ndi kutsimikiza ndi nambala yanu yachinsinsi. Wogwira ntchito weniweni sakufunsani nambala imeneyo, ndipo ngati munaitchula kale kwa wina aliyense, isintheni lero lomwe.

Uthengawo musaufufute. Lembani pa pepala nambala imene inautumiza, imene inaimba ndi imene anakupatsani kuti mutumizeko, pamodzi ndi nthawi yake. Mukadutsa m'tauni mukapereke zonsezi ku ofesi ya kampani ya foni, komanso ku polisi ya kwanuko ku Kawale, mutatenga chithunzi chomwe mwanditumizirachi.