Kuwerengera malipiro a mphunzitsi kuyambira PT4 mpaka kupuma ntchito

"Ndangoyamba ntchito ngati PT4, giredi yoyambira ya aphunzitsi a ku pulayimale, kuno ku Mkanda, m'boma la Mchinji, ndili ndi zaka 25. Ndikufuna kudziwa ndalama zomwe ndidzakhale nditalandira pofika popuma. Kodi ndingowonjezera nochi imodzi chaka chilichonse mpaka kumapeto?"

Ayi, aphunzitsi, mukatero samuyo ikunamizani. Nochi, ndalama zomwe zimawonjezeredwa pa malipiro chaka chilichonse, zili ndi polekezera. Giredi iliyonse ili ndi malipiro oyambira ndi omalizira, ndipo mukafika pamwamba mumaima pomwepo kufikira tsiku lomwe adzakukwezeni. Choncho zaka zanu 35, kufika pa zaka 60 zopumira ntchito m'boma, muzidule m'zigawo, giredi iliyonse payokha.

Pezani kalata ya boma yolengeza malipiro atsopano ku ofesi ya maphunziro pa boma, mulembe zinthu zitatu pa giredi iliyonse: poyambira, kukula kwa nochi, ndi kuchuluka kwa masitepe. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza kuti njira ioneke, inu mudzaikepo enieni. Tinene kuti giredi L, yomwe ndi PT4, ikuyambira pa K300,000 pamwezi, nochi ndi K4,000, masitepe ndi 6, ndiye imathera pa K320,000. Giredi K, ya PT3, ichoke pa K350,000 kufika K375,000, ndipo J, ya PT2, ichoke pa K420,000 kufika K450,000, zonse za masitepe 6.

Giredi iliyonse ili ndi zaka zokwera ndi zaka zoima:

```
zokwera = (poyambira + pomalizira) / 2 * masitepe * 12
zoima = pomalizira * (zaka - masitepe) * 12
```

Tiyerekeze kuti mwakhala zaka 8 pa L. Zaka 6 zokwera zikupatsani K310,000 kuchulukitsa ndi 6 kenako ndi 12, yomwe ndi K22,320,000. Zaka 2 zoima pa K320,000 zikuwonjezera K7,680,000, zonse pamodzi K30,000,000. Zaka 10 pa K, mwa njira yomweyo, ndi K44,100,000, ndipo zaka 17 zotsala pa J ndi K90,720,000. Ntchito yonse yakupatsani K164,820,000 msonkho usanadulidwe.

Tsono vuto ndi loti chaka chokwezedwa simuchisankha ndinu. Pamafunika kuti malo apezeke, komishoni yolemba ndi kukweza aphunzitsi iitane anthu ku intaviyu, inu mupambane. Alipo aphunzitsi ambiri amene aima pa PT4 zaka zoposa khumi. Ndiye werengeraninso kachiwiri mutachedwetsa kukwezedwa koyamba ndi zaka 5, komwe kukukankhiranso kutsogolo kukwezedwa kwachiwiri. L ikhala zaka 13, K49,200,000, K sikusintha, J yatsala ndi zaka 12, K63,720,000. Zonse ndi K157,020,000, kutanthauza kuti K7,800,000 yapita.

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Amaganiza kuti kuchedwako kukuwadyera K30,000 yokha pamwezi, kusiyana kwa pamwamba pa L ndi poyambira pa K. Koma zaka 5 zomwe mwawonjezera pa K320,000 zachoka kumapeto kwa ntchito, kumene mukanalandira K450,000. Kusiyana kwenikweni ndi K130,000 pamwezi kwa miyezi 60. N'chifukwa chake ife timati intaviyu yoyamba musaiphonye, ngakhale ndalama yake ikuoneka yochepa. Onaninso zomwe njira yanu ija ikanachita: nochi 34 za K4,000 zikanakufikitsani pa K436,000 muli pa L pomwepo, pamene sikelo ikuthera pa K320,000.

Nanga zokweza malipiro a onse ogwira ntchito m'boma, zija zimalengezedwa ndi bajeti? Musaziike m'samuyi. Kukwezako kumasuntha sikelo yonse, inu n'kukhalabe pa giredi ndi nochi yomweyo, ndipo nthawi zambiri kumangothamangitsa mitengo ya zinthu. Kumbukirani kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mukaika 10 peresenti chaka chilichonse kwa zaka 35, malipiro achulukana kuposa ka 25, nambala yosangalatsa m'maso koma yosakuuzani matumba a feteleza omwe mudzagule. Werengerani ndi kwacha ya lero, sikelo yatsopano ikatuluka mubwereze.

Ndalama za alawansi, monga ya aphunzitsi akumudzi, muzilembe pambali chifukwa zimatha mukasamutsidwa. Gwiritsani ntchito malipiro enieni a pamwamba pa peyisilipi, osati omwe alowa kubanki msonkho, penshoni ndi ngongole zitadulidwa. Chaka chikatha, yerekezani peyisilipi ndi sitepe yomwe samu yanu ikunena. Ikakhala yotsika pamene simunafike pamwamba pa giredi, nochi yadumphidwa. Mukakwezedwa, tsiku lowerengera ndi lomwe lalembedwa m'kalata yokukwezani. Miyezi yomwe mwalandira malipiro akale kuchokera tsikulo ichulukitseni ndi kusiyana kwa malipiro akalewo ndi atsopano, ndipo mupite ndi kalatayo pamodzi ndi mapeyisilipi kwa a zamalipiro ku ofesi ya maphunziro kukaitanitsa ndalama zotsalirazo.