Kiriyetini ndamwa masabata awiri koma sindikumva kanthu, kodi andiba?

"Akulu, ine ndine mnyamata wa zaka 24, ndimakhala ku Lizulu, ndimanyamula zitsulo katatu pa sabata komanso ndimamenya mpira pa wingi. Ndinagula kiriyetini, ufa uja amati umathandiza mphamvu za minofu, ndimamwa supuni imodzi ndisanapite ku jimu masiku atatuwo, pano masabata awiri atha koma palibe chomwe ndikumva. Pa sikwati ya makilo 80 seti yoyamba ndimakwanitsa 8, yachiwiri 5, yachitatu 3 basi miyendo yakana. Ndimapuma mwina masekondi 40. Kodi zinthuzi zimagwiradi ntchito kapena andigulitsa ufa wachabe?"

Achimwene, mwina sanakubeni ayi. Vuto ndikuliona pawiri, kamwedwe kanu ndi kapumidwe kanu, ndipo zonsezi zikuchokera poti mukuyembekezera kuti kiriyetini akupatseni moto m'thupi ngati mmene imachitira khofi, pomwe iye sagwira choncho. Simudzamumva akulowa. Ntchito yake imachitikira mkati mwa mnofu mwakachetechete, pa masekondi ochepa kwambiri.

Tiyambe ndi zomwe zimachitika mukaika chitsulo paphewa nkuyamba kudzuka. Mnofu kuti ukokeke sugwiritsa ntchito nsima kapena kachewere mwachindunji, umagwiritsa ntchito kanthu kotchedwa ATP. Kanthuka kali ndi timagulu titatu ta fosifeti, ndiye kamodzi kakathothoka mphamvu imatuluka, mnofu umakoka, chotsalacho chimatchedwa ADP chomwe sichingakokenso kanthu mpaka atachibwezera fosifeti wake uja. Chodabwitsa nchoti ATP yosungidwa mu mnofu ndi yochepa zedi, mukakankha ndi mphamvu zanu zonse imangokwanira masekondi awiri kapena atatu. Ndiye thupi liyenera kumapanga ina nthawi yomweyo, mukadali pansi pa chitsulo.

Njira zopangira zilipo zitatu koma liwiro lake ndi losiyana. Yogwiritsa ntchito mpweya kuwotcha shuga ndi mafuta imapereka zambiri ndipo sitha msanga, ndi yomwe imayendetsa wakabaza kukwera mitunda ya ku Tsangano tsiku lonse, koma ndi yochedwa. Ina imaphwanya shuga wosungidwa mu mnofu popanda kudikira mpweya, iyi ndi yachangu ndithu ndipo ndi yomwe imayendera limodzi ndi kuwotcha kuja mumamva m'ntchafu seti ikatalika. Yachangu kuposa zonse ndi ya kiriyetini. Mu mnofu muli kiriyetini amene wanyamula fosifeti kale, amatchedwa fosifokiriyetini, ndipo ADP ikangooneka iye amaipatsa fosifeti wakeyo pompopompo, sitepe imodzi basi, osafuna mpweya. M'mabuku amalemba chonchi, PCr kutanthauza fosifokiriyetini ndipo Cr kiriyetini:

```
PCr + ADP → ATP + Cr
```

Tingoti ATP ndi ndalama ya m'manja, fosifokiriyetini ndi ya mufoni yomwe mumatapa nthawi yomweyo koma ndi yochepa, mafuta a m'thupi ndi ya ku banki mkhonde, ilipo yambiri koma mudikire kaye anthu akumane.

Nkhokwe ya fosifokiriyetini nayo si yaikulu. Mukathamanga liwiro lanu lonse imakhala itatsika kwambiri pofika masekondi 10, ndipo ikamatsika mphamvu nayo imatsika chifukwa njira zinazo sizingapange ATP pa liwiro lomwelo. Nchifukwa chake ngakhale akatswiri a mpikisano wa mamita 100 amafika pachimake cha liwiro atadutsa pakati pa mtundawo kenako amayamba kutsika pang'ono, Usain Bolt yemwe pomwe ankathamanga masekondi 9.58 ku Berlin mu 2009 sanali kuwonjezera liwiro mpaka pa mzere ayi. Inunso pa wingi paja, kuthamanga koyamba mumamusiya difenda, mpira ukabwerera mwachangu nkufunika kuthamanganso miyendo imakhala ngati yobwereka. Si ulesi, nkhokwe ija sinadzadzenso.

Apa ndi pomwe pali nkhani ya masekondi 40 anu. Mukaika chitsulo pansi nkumapuma wefuwefu, mpweya umene mukukokawo ukugwira ntchito yobwezera fosifeti pa kiriyetini. Theka la zomwe zinatha limabwerera pa masekondi pafupifupi 30, koma theka linalo limabwerera pang'onopang'ono, kuti nkhokwe idzadze bwino pamafunika mphindi zitatu mpaka zisanu. Ndiye taonani zomwe mumachita. Seti yoyamba mwayamba ndi nkhokwe yodzadza, mwakankha 8, zomwe zimatenga mwina masekondi 25 kapena 30, mwaikhuthula ndithu. Mwapuma masekondi 40, yabwerera mbali chabe, mwalowanso pansi pa chitsulo ndi nkhokwe yoperewera komanso ntchafu zisanazizire kuwotcha kuja, mwapeza 5. Kachitatu mwayambira potsika kuposa apo, mwapeza 3. Zonse pamodzi 16. Mukanapuma mphindi zitatu pakati pa maseti, makilo omwewo 80, sindingadabwe kumva kuti mwapeza 8, 7, 7, zomwe ndi 22, osagula kalikonse. Ndikudziwa ku jimu za kwathu kuno chitsulo chimakhala chimodzi anthu ali pamzere, wina akukukuwizani kuti fulumirani, koma apo mpomwe pali ubwino wake, lowani mosinthana anthu atatu kapena anayi, nthawi yopuma imakwanira yokha. Kuzizira kwa ku Lizulu m'mawa wa mwezi wa Juni kusakupangitseni kufulumira, valani jekete pakati pa maseti.

Tsono kiriyetini wogula wa m'chitiniyo amathandiza pati? Munthu wa makilo 70 amakhala ndi kiriyetini pafupifupi magalamu 120 m'thupi, ndipo pafupifupi yense ali m'minofu. Thupi limapanga lokha galamu imodzi patsiku kudzera mu impso ndi chiwindi, wina timamupeza mu nyama ndi nsomba, ndipo tsiku lililonse galamu imodzi kapena awiri amaphwanyika nkutuluka ndi mkodzo. Nkhokwe ya anthu ambiri siikhala yodzadza mpaka pakamwa, pamakhala kampata, ndipo kumwa wa m'chitini ndi kudzadza kampatako. Kwa ambiri imakwera ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, ena kuposa apo, ena pang'ono chabe. Amene amadya nyama kawirikawiri amayambira pamwamba kale ndiye kusintha kwake kumachepa, pomwe ife a nsima ya nyemba, mpiru ndi soya pisi, nyama mpaka kumapeto a mwezi, nthawi zambiri ndi amene timapindula kwambiri chifukwa zomera mulibe kiriyetini. Kuti mupeze magalamu asanu kuchokera ku nyama ya ng'ombe muyenera kudya pafupifupi kilo yathunthu, tsiku lililonse, ndiye werengerani nokha mtengo wa pa butchala.

Koma kudzadza kumeneku sikuchitika tsiku limodzi, ndipo apa ndi pomwe kamwedwe kanu kakulephera. Kiriyetini amene mwamwa lero masana si amene akukankha chitsulo lero madzulo, amalowa mu mnofu pang'onopang'ono nkumaunjikana. Njira zodziwika ndi ziwiri. Yachangu ndi kumwa magalamu 20 patsiku, mogawa kanayi magalamu asanu asanu, kwa masiku asanu mpaka 7, kenako nkutsikira pa magalamu atatu mpaka asanu tsiku lililonse. Yodekha ndi kungomwa magalamu atatu mpaka asanu tsiku lililonse kuyambira pachiyambi, nkhokwe imadzadza chimodzimodzi koma pakatha masabata anayi. Inu mwamwa kasanu ndi kamodzi m'masabata awiri, ngati supuni yanu ndi ya magalamu asanu ndiye mwalowetsa 30 okha, pomwe njira yodekha ija ya magalamu atatu kwa masiku 28 ndi 84. Simunafike ndi theka lomwe. Ine ndimakonda yodekhayo, chitini chimachedwa kutha, cha magalamu 300 pa magalamu asanu chimakufikitsani masiku 60, komanso m'mimba simuvuta, chifukwa kumwa wambiri nthawi imodzi kumatsegula m'mimba anthu ena. Imwani tsiku lililonse ngakhale la Mulungu lomwe simunyamula, nthawi iliyonse yomwe simungaiwale, bola ndi chakudya. Musamusungunule m'botolo nkumusiya masiku, m'madzi amaphwanyika pang'onopang'ono, sakanizani nkumwa.

Mudziwa bwanji kuti wagwira poti samveka? Sikelo ndi kope. Kiriyetini amakokera madzi mkati mwa mnofu, ndiye ambiri amalemera ndi kilo imodzi kapena awiri m'masabata oyamba, amenewo ndi madzi osati mnofu watsopano, musayambe kujambula zithunzi. Mu kope lembani makilo, kuchuluka kwa zomwe mwakankha ndi nthawi yopuma. Konzani kaye kapumidwe, muone manambala anu atakhazikika, kenako pakatha mwezi mukumwa tsiku ndi tsiku yerekezani. Chomwe muyembekezere ndi chaching'ono, kukankha kamodzi kapena kawiri koonjezera, makamaka pa seti yachitatu ndi yachinayi, ndipo pa mpira kuthamanga kwachisanu kusamasiyane kwambiri ndi koyamba. Mnofu umadzakula chifukwa cha ntchito yoonjezerayo ikaunjikana miyezi, osati chifukwa cha ufawo pawokha. Pa kuthamanga mtunda wautali kapena kupalasa njinga kuchoka ku Lizulu mpaka pa boma la Ntcheu musayembekezere kanthu, kumeneko ikulamulira ndi njira ya mpweya ija. Ndipo alipo anthu ena omwe ngakhale amwe moyenera sasintha kwenikweni poti nkhokwe yawo inali yodzadza kale, mukaona miyezi iwiri yatha sikelo ili pomwepo kope lilinso pomwepo, siyani, ndalamayo mugulire mazira ndi usipa.

Za ufa wachabe, kunyumba palibe njira yotsimikizira bwinobwino. Mtundu woti mugule ndi monohaidireti, ndi umene unafufuzidwa kwambiri komanso ndi wotsika mtengo kuposa ya mayina ataliatali ija. Ndi ufa woyera wopanda fungo, sukoma kanthu kwenikweni, ndipo m'madzi ozizira umasiya timchenga pansi pa kapu, zimenezo si vuto. Ngati mukamwa mtima ukuthamanga, manja akunjenjemera kapena tulo tikusowa, ndiye muli zina zosakaniza, nthawi zambiri kafeini. Wogulitsidwa m'timapepala toyeza ndi supuni popanda chitini chomata, ine sindingamwe.

Kiriyetini si siteroidi, mankhwala oletsedwa aja okulitsa minofu, ndipo bungwe la WADA lomwe limaletsa mankhwala pa masewera silinamuike pa mndandanda wa zoletsedwa, ndiye pa mpira simukuba. Kwa munthu wamkulu wa impso zabwino, magalamu atatu mpaka asanu patsiku afufuzidwa kwa zaka zambiri osapezeka kuti akuwononga impso. Koma ngati muli ndi vuto la impso, shuga kapena BP, kaonaneni kaye ndi adokotala musanapitirize, ndipo ang'ono anu osakwana zaka 18 musawagawire. Mukadzapita kokayezetsa magazi a impso nenani kuti mumamwa kiriyetini, chifukwa chomwe amayeza chija ndi chotsalira chake akaphwanyika, chimatha kuoneka chokwera pang'ono impso zili bwinobwino. Mukadzasiya kumwa palibe chomwe chimagwa tsiku lomwelo, nkhokwe imatsika yokha kubwerera mwakale pa masabata anayi mpaka 6, ndipo kilo ya madzi ija imapita nawo.