Mauthenga 6,000 akudikira, malire ndi 60 pa mphindi: muwatumize bwanji?

"Akuluakulu, ndithandizeni. Ndinalemba kapulogalamu kotumiza ma SMS okumbutsa mamembala a bungwe lathu losunga ndi kubwereketsa ndalama kuno ku Limbe. Kamadzuka ndi `cron` mphindi 5 zilizonse n'kutumiza zonse zimene kapeza. Seva inazima Lachisanu madzulo, ndipo titaiyatsa Lolemba kanapeza mauthenga 6,000 n'kuwaponya onse. Kampani ya ma SMS imalola 60 pa mphindi, ndiye tikungolandira `429`. Ndiwonjezere ma seva kapena ndizingobwereza kutumiza?"

Achimwene, zonse ziwirizo musachite, ndipo musanawerenge zambiri imitsani kaye `cron` yo. Malire a 60 aja kawirikawiri amawerengedwa pa akaunti kapena pa kiyi ya API, osati pa kompyuta. Ma seva atatu ogwiritsa kiyi imodzi angomaliza 60 yemweyo mwamsanga, ndipo kubwereza kosapumira kungachititse kuti akaunti yanu itsekedwe. Nambala ya `429` tanthauzo lake ndi `Too Many Requests`: uthenga wanu ulibe vuto, kungoti mwafulumira.

Vuto lenileni lili pa mawu anu akuti "zonse zimene kapeza". Masiku onse kamapeza mauthenga khumi kapena makumi awiri, n'chifukwa chake simunaone kuti kalibe malire akeake. Chigayo cha ku Ndirande chimagaya thumba lonse bwinobwino, koma wogayitsa amalowetsa chimanga pang'onopang'ono. Akakhuthulira chonse kukamwa, chimatsamwa.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Musalinge pa 60 yeniyeniyo, chifukwa wotchi yanu ndi yawo sizingafanane ndendende, komanso mwina pali mbali ina ya sisitimu yanu imene imatumiza pa kiyi yomweyo. Tengani 50 pa mphindi, kutanthauza kupuma masekondi 1.2 mukatumiza uthenga uliwonse. Kenako pulogalamu ikadzuka izitenga mauthenga 200 okha. Kupuma kokhako pa 200 ndi masekondi 240, mphindi 4, ndiye imatsiriza ina isanadzuke ngati kampaniyo ikuyankha msanga. Mauthenga 6,000 afuna maulendo 30, amene ndi maola awiri ndi theka. Mukayamba 8 koloko m'mawa, nthawi ya nkhomaliro isanakwane mwamaliza. Abwana anu muwauze nambala imeneyi lero lomwe, kuti asamakufunseni mphindi iliyonse.

Ndati "ngati ikuyankha msanga" dala. Yankho lililonse likamatenga theka la sekondi, 200 aja atenga masekondi 340, ndipo `cron` idzutsa pulogalamu yachiwiri yoyamba ikadali pa ntchito. Iliyonse payokha ikuyenda mwaulemu pa liwiro lake, koma ziwiri pamodzi zadutsa 60, ndipo choipa kwambiri n'choti zingatenge mizere imodzimodzi, membala n'kulandira uthenga kawiri. Ndikuganiza kuti izi zachitika kale Lolemba lija. Taonani m'logi: mukapeza nambala ya uthenga umodzi ikuoneka kawiri motalikirana masekondi ochepa, ndi zimenezo. Pa Linux mankhwala ake ndi mzere umodzi:

```
*/5 * * * * flock -n /tmp/sms.lock python3 tumiza.py
```

`flock -n` ikapeza loko ili m'manja mwa ina, imangotuluka osadikira. Mukaona kuti maulendo ambiri akudumphidwa chotere, tsitsani 200 akhale 150.

Tsono mukalandira `429` muzitani? Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amalemba kuti uthenga umenewo walephera, n'kupita pa wotsatira, umenenso ulandira `429`, mpaka mndandanda wonse wathera m'gulu la zolephera popanda ngakhale umodzi wofika. Yankho la `429` silikunena za uthenga umodziwo, likunena za akaunti yonse, choncho pulogalamu yonse iyime. Uthengawo ukhalebe wodikira, ndipo musauwerengere ngati mwayi umodzi watha.

```python
for u in tenga(200):
    r = tumiza(u)
    if r.status_code == 429:
        imitsa(r.headers.get("Retry-After"))
        break
    lemba_zotsatira(u, r)
    time.sleep(1.2)
```

`Retry-After` ndi pamene kampaniyo imakuuzani nthawi yoti mudikire. Imatha kubwera ngati nambala ya masekondi kapena ngati deti ndi nthawi, ndiye `imitsa` izidziwa kuwerenga zonse ziwiri. Ntchito ya `imitsa` ndi kulemba m'detabesi kuti "osatumiza isanafike nthawi yakuti", ndipo pulogalamu ikadzuka iziyamba yaona pamenepo. Mukasunga nthawiyo m'memori mokha, `cron` yotsatira siidziwa kanthu, ingoyambanso kugogoda. Makampani ena satumiza `Retry-After` n'komwe. Zikatero dikirani mphindi imodzi, zikabwereza ziwiri, kenako zinayi, kumawirikiza mpaka pa malire ngati mphindi 15, ndipo uthenga umodzi ukadutsa mubwerere poyambira. Werenganinso malamulo awo bwino, pakuti ena amakhala ndi malire a pa tsiku pamwamba pa a pa mphindi, ndipo amenewo kudikira mphindi 15 sikuwathetsa.

Palinso yankho lina limene ndimaliopa kuposa `429`: kusayankhidwa konse. Intaneti ikaduka mutatumiza kale pempho, simudziwa ngati uthenga wapita kapena ayi. `429` ndi yabwino chifukwa mukudziwa kuti sunapite. Ngati kampaniyo imalola kuti muike nambala yanuyanu pa uthenga uliwonse n'kumakana wobwereza, kapena kufunsa za nambalayo pambuyo pake, igwiritseni ntchito. Ngati siilola, uthenga woterewo muuike pambali ndi chizindikiro chakuti "sitikudziwa", muufananitse ndi lipoti lawo musanautumizenso. Ndipo zotsatira muzilemba m'detabesi mukangotumiza uthenga uliwonse, monga `lemba_zotsatira` ili m'kati mwa `for` pamwambapa, osadikira kuti 200 onse athe. Magetsi akazima pa uthenga wa 180 musanalembe kanthu, anthu 180 alandiranso zomwezo.

Koma musanayatse chilichonse, khalani pansi ndi mndandandawo. Sindikhulupirira kuti onse 6,000 akufunikabe. Uthenga wakuti "mawa Loweruka kuli msonkhano" ukafika Lolemba ungosokoneza anthu. Mayi amene anabweza ngongole Loweruka akalandira chikumbutso cha Lachisanu adzakwera minibasi kuchokera ku Chirimba kudzafunsa ku ofesi, ali ndi lisiti m'manja, ndipo sadzakhala atalakwa. Membala amene zikumbutso zake zitatu zaunjikana alandire chimodzi, chomaliza. Kusefa kotere kumachepetsa maola odikira komanso ndalama, popeza SMS iliyonse mumalipira. Mtsogolo muno uthenga uliwonse uzikhala ndi nthawi yothera ntchito, kuti pulogalamu izidumpha yokha zimene zapitirira.

Zotsalazo musazitenge pongotsata zakale poyamba. Ngati mumatumizanso zinthu zachangu pa akaunti yomweyo, monga uthenga wotsimikizira kuti ndalama zalandiridwa, zimenezo zisaime kumbuyo kwa mauthenga masauzande a sabata yatha. Pa 200 aliwonse, `tenga` iziyamba ndi zachangu zonse, malo otsala n'kudzaza ndi zakale.

Poyatsanso, ulendo woyamba tumizani 20 okha muone ngati `429` yasiya, kenako mukweze. Ngati ikubwerabe ngakhale pa uthenga woyamba mutadikira ola lathunthu, aimbireni foni kapena alembereni, muwafotokozere zimene zinachitika ndi liwiro limene mwaika tsopano, muwafunse ngati akaunti yatsekedwa komanso ngati ali ndi njira yotumizira mauthenga ambiri pa pempho limodzi. Akakhala nayo, funsani ngati 60 ija amawerenga mapempho kapena mauthenga, chifukwa masamu tachita aja asintha malinga ndi yankho lawo.