Imelo yoperekeza CV: mulembemo chiyani?

"Achimwene, ndimakhala ku Rosettenville. Kampani ina ya mathiraki ku City Deep ikufuna dalaivala wa Code 14 wokhala ndi PrDP, wodziwa msewu wa ku Durban, ndipo akuti titumize CV pa imelo. Ndayendetsa thiraki zaka 6, zitatu ku Blantyre, zitatu kuno ku Joni. Mu imelomo ndikoperemo zonse za mu CV, kapena ndingotumiza yopanda mawu?"

Zonse ziwirizo ayi, achimwene. Wotsegula imelo yanu amakhala ndi mulu wa maimelo ena, ndipo nthawi zambiri amawerengera pafoni. Akufuna adziwe msanga ngati muli ndi zimene anapempha, kuti aone ngati CV yanu ndi yoyenera kutsegula. Imelo yopanda mawu simuuza kanthu, ndipo ena amaopa kutsegula fayilo yochokera kwa munthu wosadzitchula. Imelo yaitali nayo imakwirira mfundo zofunikazo pansi pa mbiri ya kusukulu.

Yambani ndi mutu wa imelo, chifukwa ndi umene umaoneka koyamba. Muikemo dzina la ntchito monga analilembera, nambala ya chilengezo ngati ilipo, ndi dzina lanu. Mwachitsanzo:

```
Application: Code 14 Driver, Ref CD07, T. Banda
```

Nambalayo musaiiwale. Makampani ambiri amasanja maimelo potengera nambala imeneyi, ndiye yopanda nambala imatha kusochera ngakhale munthu ali woyenera.

M'kati mwake mukhale ziganizo zinayi kapena zisanu basi. Mudzalemba m'Chingerezi, koma maganizo ake ayende chonchi: "Ndikufunsira ntchito ya udalaivala wa Code 14 imene munalengeza sabata ino. Ndili ndi laisensi ya Code 14 komanso PrDP ya katundu, imene idzathe mu Novembala chaka chamawa. Ndayendetsa thiraki zaka 6, ndipo zaka 3 zapitazi ndakhala ndikunyamula makontena pa N3, pakati pa Durban ndi City Deep. Ndingayambe pakatha masabata 4. CV yanga ndaiphatikiza." Kenako dzina lonse ndi nambala ya foni.

Taonani kumene ziganizozo zachokera. Sindinatsegule CV yanu n'kuyamba kudula, ndatenga chilengezo chawo n'kuyankha chimodzichimodzi: laisensi, PrDP, msewu. Za N3 ndi makontena ndangoyerekeza, inu muikepo zimene munachitadi. Zaka za ku Blantyre, maina a mabwana akale ndi MSCE zikhale mu CV momwemo. Tsiku lotha PrDP ndalitchula dala, chifukwa imagwira ntchito zaka 2 zokha, ndipo bwana wa mathiraki safuna kulemba munthu amene mwezi wamawa adzakhale pamzere wokonzetsanso mapepala. Masabata 4 aja si ongopeka: lamulo la ntchito kuno limati amene wagwira chaka kapena kupitirira apo achenjeze abwana ake masabata 4 asanachoke. Wa miyezi 6 kapena yochepera amapereka sabata imodzi, wa pakatipa masabata awiri. Ngati panopa simuli pantchito, nenani kuti mungayambe nthawi yomweyo.

Pali nkhani imene ife a kumudzi timaizemba, ya chilolezo chogwirira ntchito. Kampani ya kuno siloledwa kulemba mlendo wopanda chilolezo, choncho akaona kuti munagwirapo ku Blantyre funso limenelo limabwera lokha. Ngati mapepala anu ali bwino, onjezani chiganizo chimodzi chonena mtundu wa chilolezo ndi tsiku limene chidzathe. Musaname, adzafuna kuchiona ndi maso. Koma makope a pasipoti musamangotumiza asanapemphe, makamaka ku adiresi imene simukuidziwa bwino, poti zilengezo zina n'za akathyali.

Chimene ndimachotsa kawirikawiri m'maimelo a abale ndi madandaulo. Kwathu tinaleredwa kuti munthu wamkulu umamufika modzichepetsa, ndiye timayamba ndi moni wautali, kenako za ana kumudzi, za lendi, za mavuto a kuno. Ulemu ndi wabwino, koma pano moni wa mzere umodzi wakwana. Wolemba ntchito akufuna dalaivala, ndipo madandaulo amangokankhira PrDP yanu kumunsi kumene sangafike. Mawu oti "ndine wolimbikira ndi wokhulupirika" nawonso asiyeni, aliyense amalemba zomwezo.

CV ikhale PDF, osati chithunzi chojambula pafoni, ndipo fayiloyo ikhale ndi dzina lanu, monga `T_Banda_CV.pdf`. Musanatumize ku kampani, dzitumizireni nokha, mutsegule pafoni. Muone ngati fayilo yapitadi ndipo ikutseguka, komanso ngati uthenga wonse ukuwerengeka osatsitsa kangapo. Ukapitirira pamenepo, dulani. Ndipo kampani iliyonse muitumizire imelo yakeyake: akaona maadiresi a makampani ena khumi pamzere wa `To` kapena `Cc`, kapena `Fwd` pamutu, amadziwiratu kuti chilengezo chawo simunachiwerenge.