Akuti udindowu ndaupeza ndi nkhope

"Ndimagwira ntchito yolandira alendo pa loji ina kunyanja kuno ku Mangochi. Andikweza kukhala woyang'anira anzanga, ndiye akuti ndi nkhope yandikweza, ena akuti ndimagona ndi abwana. Alendo ena amandigwiragwira, koma ndikadandaula amati ndikudzimva. Kodi ndingosiya ntchito?"

Achemwali, musasiye kaye. Ine ndakalambira m'malojimu, kuyambira cha ku Makawa mpaka ku Monkey Bay, ndipo atsikana okongola ndawaona akuchoka mmodzimmodzi opanda kanthu m'manja, wowavutitsa uja n'kutsala akuseka.

Chimene kukongola kumakulandani pa ntchito ndi umboni wa thukuta lanu. Mnzanu akatseka buku la ndalama popanda kuperewera, amati ndi wakhama. Inu mukatseka chimodzimodzi, amati abwana akubisirani. Ndalama ikasowa tsiku limodzi, aliyense amadumphira kuti tinkanena ife, anangomuikapo kuti azikongoletsa pakhomo. Si kuno kokha ayi. Ku America, kafukufuku wina wa mu 1979 anapeza kuti akazi okongola akafunsira ntchito ya umanijala, owasankha ankawaona ngati osayenera poyerekeza ndi anzawo. Choncho musayembekeze kuti kugwira bwino ntchito pakokha kutseka anthu pakamwa. Ntchitoyo iziwoneka papepala.

Choyamba, pemphani kalata yokukwezani, yolembedwa udindo, malipiro ndi tsiku loyambira. Kukwezedwa kwa pakamwa kumatsitsidwanso ndi pakamwa, makamaka tsiku limene mudzakane zimene wina akufuna. Pomaliza shifiti, werengani ndalama pamodzi ndi amene akukulandirani, nonse musayine m'buku, ndipo tsambalo mulijambule pa foni. Abwana akakuitanani mu ofesi, chitseko chikhale chotsegula, ndipo zimene mwagwirizana muwatumizire pa WhatsApp pambuyo pake ngati mukungowakumbutsa. Zimatopetsa, ndipo n'zowawa kuti anzanu sakufunika kuchita zonsezi. Koma pa mlandu chimalankhula ndi buku.

Tsono za alendowa. Amene akuti mukudzimva akufuna mukhulupirire kuti kugwiridwa ndi mbali ya ntchito ya munthu wooneka bwino. Bodza. Lamulo loona kuti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi, la mu 2013, limaletsa mawu kapena mchitidwe wokhudza kugonana umene munthu sakuufuna ndipo ukumunyozetsa kapena kumuopseza, ndipo chilango chake chimafika K1,000,000 ndi zaka 5 kundende. Silinena kuti wochitayo akhale bwana wanu. Mlendo nayenso akhudzidwa.

Tiyerekeze kuti Loweruka usiku mlendo wa m'chipinda china wabwera kudzatenga kiyi, wakugwirani m'chiuno n'kumapempha nambala. Bwererani m'mbuyo, munene mokweza kuti mlonda kapena wa kubala amve: "Bambo, musandigwire." Osaseka. Ambiri timaseka chifukwa cha mantha, koma kusekako mawa amakusandutsa chilolezo. Usiku womwewo lembani tsiku, nthawi, nambala ya chipinda, mawu amene ananena ndi amene anaona. Mmawa perekani dandaulo lolemba kwa manijala, inu musunge kope lake. Ngati pali kamera, pemphani msanga kuti asunge zithunzizo, chifukwa makina ambiri amafufuta okha zakale. Manijala akangoti mlendo ndi mlendo, pitani kupolisi ku Victim Support Unit. Akakuchotsani ntchito kapena kukutsitsani chifukwa chodandaula, nkhaniyo ndi ya ofesi ya zantchito paboma, ndipo ikakanika kumeneko imapita kukhoti la nkhani za apantchito. Apa m'pamene kalata ija ndi mauthenga aja zimakuwombolani.

Palinso china choti muchionetsetse. Malo ena amakonda kuika nkhope ya mtsikana pa Facebook pofuna kukopa alendo, kapena kumuuza kuti akakhale patebulo la alendo olemera kuti agule mowa wambiri. Mukangoona akukuchotsani pa kompyuta ndi pa mabuku n'kumakutumizani kokamwetulira, dziwani kuti udindo uja ukusanduka dzina chabe. Pakapita zaka, wina wachitsikana adzaima pamalo panu, inu mulibe luso loti mukaonetse kwina. Kakamirani kuphunzira kusungitsa zipinda, kuwerengera katundu wa m'sitolo ndi kukonza ndandanda ya mashifiti.

Miseche yokha sindikunamizani kuti itha. Mangochi ndi wamng'ono, zonenedwa kukhitchini madzulo zimafika kwa apongozi kusanache. Ngati muli pabanja kapena pali amene akukufunsirani, makamaka ngati ali ku Joni kumene nkhani zimafika zitathiridwa kale mchere, muuzeni nokha za kukwezedwaku ndi zimene anthu akunena, asanazimve kwa ena. Anzanu apantchito musalimbane nawo mmodzimmodzi. Gawani mashifiti ndi masiku opuma poyera, ndandanda muipachike pakhoma, kuti wofuna kunena kuti mukukondera asowe poyambira.

Mukaona kuti amene akukuvutitsani ndi mwini malo yemwe, pamenepo yambani kufunsira kwina mwakachetechete, koma muchoke mutatenga kalata yotsimikiza udindo umene munali nawo.