Kodi mwana wanga ndi "wa ubongo wakumanja"?

Funso: Mwana wanga wamkazi anayankha mafunso ena ake pa foni, ndiye akuti iyeyo ndi wa ubongo wakumanja. Pano akufuna kusiya masamu ndi sayansi, ati mutu wake ndi wa zojambula basi. Ndimulole? Ndine mayi ake.

Yankho: Mayi, musamulole pa chifukwa chimenecho. Nkhani yoti anthu ena ndi a ubongo wakumanzere, aluso pa masamu, pomwe ena ndi a wakumanja, aluso pa zojambula, inachokera pa kafukufuku weniweni, koma anthu anaithira mchere wambiri.

Mbali ziwiri za ubongo zimalumikizidwa ndi mlatho wa mitsempha pafupifupi 200 miliyoni. Kuyambira mu 1962, madokotala a ku Los Angeles, Joseph Bogen ndi Philip Vogel, ankadula mlathowu mwa anthu odwala khunyu losamva mankhwala, kuti lisamafalikire ubongo wonse. Roger Sperry ndi Michael Gazzaniga ndi amene ankawayeza odwalawo pambuyo pake.

Ankachita chonchi. Wodwala ayang'anitsitse kadontho pakati pa sikirini, kenako chithunzi ching'anime mbali imodzi mwachangu, maso asanasunthe. Chooneka kumanzere kwa kadonthoko chimapita ku ubongo wakumanja, umenenso umayendetsa dzanja lamanzere. Akamuonetsa sipuni kumanzere, wodwala ankati sanaone kanthu, pomwe dzanja lake lamanzere likufufuza pobisika n'kutola sipuni. Mbali yakumanja inaona ndithu, koma pakamwa pali m'manja mwa mbali yakumanzere.

Imene imandisangalatsa ine ndi ya mnyamata wina amene Gazzaniga anamuyeza patapita zaka. Ubongo wakumanzere anauonetsa phazi la nkhuku, wakumanja nyumba yokutidwa ndi chipale chofewa. Atamuuza kuti asankhe zithunzi zogwirizana ndi zomwe waona, dzanja lamanja linaloza nkhuku, lamanzere fosholo yochotsera chipalecho. Atamufunsa chifukwa, anayankha mosadodoma kuti fosholoyo ndi yokonzera m'khola la nkhuku. Mbali yolankhula sinaone chipalecho, ndiye inangopeka chifukwa chomveka bwino n'kuchikhulupirira.

Tsono taonani pomwe pathera umboniwu. Odwalawo anali ochepa, ndipo ubongo wawo unali utavutika ndi khunyu zaka zambiri. Kunja kwa chipinda choyezera ankaoneka ngati wina aliyense, chifukwa maso akamayendayenda mbali zonse ziwiri zimalandira uthenga. Mwana wanuyo mlatho wake ndi wathunthu, mbali ziwirizo zimauzana zinthu mosalekeza.

Kugawana ntchito kulipo. Mwa anthu ogwiritsa ntchito dzanja lamanja, pafupifupi 95 pa 100 aliwonse chilankhulo chimatsamira kumanzere. Komabe kumva ngati munthu akunyogodola kapena akunena zoona kumadalira kwambiri kumanja, ndipo masamu amafuna mbali zonse. Mu 2013 akatswiri a pa yunivesite ya Utah anaunika zithunzi za ubongo wa anthu oposa 1,000, osapeza kuti pali anthu "akumanzere" ndi "akumanja".

Mupempheni akuonetseni mapepala atatu a mayeso a masamu omwe analemba posachedwa, muone pomwe mamalikisi akutayikira. Nthawi zambiri ndimapeza kuti ndi mutu umodzi, monga mafulakishoni, umene unamudutsa kale n'kumamukoka mwendo mu aljebura. Zimenezo aphunzitsi ake angathe kumuphunzitsanso, zojambulazo akupitiriza.