Debiti ndi kilediti: ndalama yomweyo, yolembedwa komwe yachoka ndi komwe yafika

"Abale a m'gulu muno ndithandizeni. Ndimasoka zovala ku Mayfair ndipo ndayamba kuphunzira kalembedwe ka mabuku a bizinesi. Akuti chilichonse ndizilemba kawiri, debiti ndi kilediti, ndipo zizifanana. Chifukwa chiyani? Komanso kasitomala akandilipira, banki imati yandipatsa kilediti, koma aphunzitsi akuti ndilembe debiti. Mutu wanga wazungulira."

Achemwali, poyamba chotsani m'mutu zoti debiti ndi chinthu choipa, kilediti chabwino. Debiti ndi mbali ya kumanzere ya tsamba, kilediti ndi mbali ya kumanja, basi. M'mabuku mudzaona akulemba Dr ndi Cr. Kumanzere timalemba komwe ndalama kapena katundu wafikira, kumanja komwe wachokera. Randi iliyonse imene yalowa m'thumba mwanu yachoka kwinakwake, ndipo iliyonse imene yatuluka yapita kwinakwake. Ndiye mukalemba kawiri simukulemba ndalama ziwiri ayi. Ndi ndalama imodzi yomweyo, mwangoilemba ponyamuka ndi pofika. Mukakweza thumba la kilo 20 m'basi ku Park Station, ku Blantyre liyenera kutsika la kilo 20 lomwelo. Likatsika la 18, pali china chalakwika panjira.

Ine ndimasunga mabuku a kashopu kena kuno ku Joni, ndiye tiyeni titenge ntchito yanu yomweyo ya utelala, tiyende nayo mwezi umodzi.

Mwayamba ndi mpamba wa R6,000 womwe mwauika ku banki. Ndalamayo yafikira ku banki, choncho debiti akaunti ya banki R6,000. Yachokera kwa inu mwini, choncho kilediti akaunti ya mpamba R6,000. Apa pali mfundo imene ambiri amaidumpha: m'mabuku, bizinesi ndi munthu payekha, inu ndinu munthu wina. Mpamba uja uli ngati ngongole imene bizinesi yatenga kwa inu. Kenako achimwene anu akubwerekani R4,000. Debiti banki, kilediti ngongole ya achimwene. Ku banki tsopano kuli R10,000, koma buku likukumbutsani kuti R4,000 ndi ya eni ake. Mwagula makina osokera a R5,000: debiti makina, kilediti banki. Simunasauke, ndalama yangosanduka makina.

Pokoma ndi pamene mbali imodzi yagawika. Mwapita ku Oriental Plaza ku Fordsburg kukaoda nsalu za R2,000. Mwalipira R1,200, mwini shopu wakukhulupirirani kuti R800 mudzapereka mwezi ukatha. Nsalu zimene mwanyamula ndi za R2,000 zonse, ndiye debiti nsalu R2,000. Kumanja kukhala mizere iwiri: kilediti banki R1,200, kilediti ngongole ya kushopu R800. Mizere ikhoza kukhala umodzi uku, iwiri uko, koma mukaphatikiza ziyenera kukumana. Chimodzimodzi mukasokera mayi wina zovala za chinkhoswe za R1,500, iye n'kulipira R1,000 n'kunena kuti yotsalayo abweretsa. Kilediti malonda R1,500, pakuti ndiko kwachokera phindulo. Debiti banki R1,000, debiti dzina la mayiyo R500. Dzina lake lija lizikhala kumanzere mpaka tsiku lomwe adzalipire.

Mwalipira lendi R900: debiti lendi, kilediti banki. Mwatumiza R700 kumudzi kwa amayi: kilediti banki, ndipo debiti ipite ku akaunti ya ndalama zimene mwini watapa. Isapite ku zowonongera za bizinesi. Kuthandiza kumudzi ndi udindo wanu, si wa makina osokera, ndipo mukaisakaniza ndi lendi ndi ulusi mudzaona ngati utelala sukupindula pamene ukupindula.

Tsopano za banki zija. Uthenga wa pafoni ukamati `credited`, banki ikukuwerengerani za m'buku lake, osati lanu. Ndalama mukaisungitsa, banki imakhala kuti ili nanu ngongole, mwina mawa mukaitapa. Kwa iwo inu muli ngati achimwene anu aja kwa inu, ndiye amakulembani kumanja. Kwa inu ndalamayo yafikira ku banki, ndiye mumailemba kumanzere. Nonse mukulondola. Aphunzitsi anu sanalakwitse.

Mwezi ukatha mumatenga chotsala cha akaunti iliyonse n'kuchiika pa pepala limodzi, lomwe m'kalasi amalitcha thilayo balansi. Ku banki kunalowa R11,000, kwatuluka R7,800, kwatsala R3,200 kumanzere. Onjezani makina R5,000, nsalu R2,000, mayi wa chinkhoswe R500, lendi R900 ndi zotapa R700. Zonse pamodzi R12,300. Kumanja kuli mpamba R6,000, achimwene R4,000, kushopu R800 ndi malonda R1,500. Nakonso R12,300. Sizinakumane mwamwayi. Chilichonse chimene bizinesi ili nacho, kapena yagwiritsa ntchito, chinachokera kwa okongoza, kwa inu mwini, kapena ku malonda. Njira imeneyi ndi yakale ndithu: Luca Pacioli anaifotokoza m'buku losindikizidwa ku Venice mu 1494, ndipo amalonda a ku Italy anali akuigwiritsa kale ntchito iye asanalembe.

Zikapanda kukumana musathamangire kufufuta. Onani kaye kusiyana kwake. Ngati mbali ziwiri zasiyana ndi R1,400, gawani pakati: R700. Fufuzani R700 imene mwaiika mbali yolakwika, chifukwa ndalama ikalowa kolakwika imasowa uku n'kuchuluka uko, kusiyanako kumakhala kowirikiza. Ngati kusiyanako kukugawika ndi 9 popanda chotsala, kawirikawiri mwatembenuza manambala, monga kulemba 450 pamene lisiti likuti 540. Ndipo ngati kusiyanako kukufanana ndendende ndi ndalama ya pa lisiti lina, mwalemba mbali imodzi n'kuiwala inzake.

Koma chonde, kukumana kwa mbali ziwiri sikutanthauza kuti buku lili bwino. Ine zinandionekera. Kasitomala wina yemwe tinamupatsa katundu pa ngongole anabwera kudzalipira, pa kauntala pali mzere wa anthu, ine mwachangu ndinalemba debiti banki, kilediti malonda. Mbali zonse zinakumana bwinobwino. Koma malonda aja ndinali nditawalemba kale tsiku lomwe anatenga katundu, ndiye anawerengedwa kawiri, ndipo dzina la munthuyo linatsalabe m'buku ngati sanalipire. Patapita milungu tinamuimbira kumukumbutsa ngongole. Bamboyo anabwera ndi lisiti lake, lopindapinda, lolembedwa ndi dzanja langa lomwe. Zinandipweteka kwambiri chifukwa tinamunyozetsa munthu wokhulupirika.

Ndiye mayi wa chinkhoswe uja akadzabweretsa R500 yake, lembani debiti banki, kilediti dzina lake, osati malonda. Akaunti yake itsekeke. Ndipo kumapeto kwa mwezi uliwonse tengani sitetimenti ya ku banki, muiyerekeze mzere ndi mzere ndi akaunti ya banki ya m'kope mwanu. Kumeneko n'kumene mudzapeze zimene simunalembe n'komwe, monga timandalama timene banki imadula mwezi ndi mwezi. Nato mutilembe: debiti zolipira ku banki, kilediti banki.